Kuyesa Mwala Kawiri: Panja ndi M'madzi

Nthawi yathu yophunzira za sayansi yakwananso. Ana a sukulu atenge pensulo ndi pepala, chifukwa lero pali masamu pang'ono oti tiwerengere pamodzi. Akuluakulu nawonso asachoke pafupi ndi wailesi, pakuti nkhani ya lero ikukhudza ndalama za m'thumba.

Aliyense woyenda m'makomboni a mu Lusaka amaona milu ya miyala m'mbali mwa msewu. Ku Kanyama, ku Chawama ndi ku Kalingalinga amayi ndi abambo amakhala padzuwa ndi nyundo, kuphwanya miyala yoti agulitse kwa omanga nyumba. Ku Matero ndi ku George kuli ogula zitsulo zakutha, amene amasiyanitsa mkuwa, bulasi, mtovu ndi aluminiyamu, popeza chilichonse chili ndi mtengo wake. Nthawi zina kumabweranso munthu ndi kanthu kachikasu kokulunga m'kansalu, nanong'oneza kuti ndi golide wochokera kumigodi ya kumidzi. Anthu onsewa ali ndi funso limodzi: kodi chinthu chili m'manjachi ndi chiyani kwenikweni? Maso amanyengeka ndi mtundu ndi kunyezimira. Koma pali muyeso wina wovuta kuunamiza, ndipo mungathe kuupeza ndi sikelo, ulusi ndi madzi.

Tiyambe ndi mawu akuti kulemera. Timati mtovu ndi wolemera kuposa mtengo, komabe chipika cha mtengo chimalemera kuposa kachidutswa ka mtovu. Chimene timatanthauza ndi chakuti, titatenga mtovu ndi mtengo zofanana kukula, mtovu ungapose. Kulemera kotere, koyerekeza ndi kukula kwa chinthu, kusukulu amakutchula kuti densiti. Kuti tiupeze timatenga kulemera kwa chinthu m'magalamu ndi kugawa ndi kukula kwake. Kukulako timakuyesa ndi kabokosi kakang'ono, ka sentimita imodzi m'litali, imodzi m'lifupi ndi imodzi msinkhu, kamene dzina lake ndi kyubiki sentimita.

Madzi ndiwo muyeso wathu. Madzi odzaza kabokosi kamodzi kotere amalemera galamu imodzi. Lita imodzi ili ndi timabokosi 1,000, choncho imalemera kilogalamu imodzi. Amene amatunga madzi ndi chigubu cha malita 20 amasenza makilogalamu 20 a madzi, osawerengera chigubucho. Motero densiti ya madzi ndi 1. Tikanena kuti ya chitsulo ndi 7.8, ndiye kuti chitsulo chimalemera kuwirikiza pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa madzi ofanana nacho kukula. Ya aluminiyamu ndi 2.7, ya mkuwa ndi 8.9, ya mtovu ndi 11.3, ndipo ya golide weniweni ndi 19.3. Nambala imeneyi sisintha chinthu chikakula kapena kuchepa. Msomali ndi njanji, zonse zikakhala zachitsulo, zimapereka nambala imodzi.

Kulemera n'kosavuta kukupeza, sikelo imatiuza. Vuto lili pa kukula. Njerwa mungathe kuiyesa ndi rula, m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, ndi kuchulukitsa zitatuzo. Nanga mwala wophwanyidwa ndi nyundo, wa makona ambirimbiri, rula muiika pati? Ena anganene kuti tiuponye m'beseni ndi kuona mmene madzi akwerera. Maganizowo ndi olondola, koma muyeso wake ndi wosadalirika. M'beseni la masentimita 30 pakamwa, mwala waukulu ngati chibakera cha mwana umakweza madzi ndi mamilimita atatu okha, ndipo mukaphonya ndi theka la milimita mwasokoneza kale yankho lonse. Njira yabwino ndiyo kuuyesa mwalawo pa sikelo kawiri, koyamba uli panja, kachiwiri uli m'madzi.

Chifukwa chake mukuchidziwa kale, inu amene munatungapo madzi pachitsime. Ndowa yodzaza ikadali pansi pa madzi, chingwe chimakhala chopepuka m'manja. Ikangotuluka pamwamba pa madzi, mikono imamva katundu yense. Madzi amanyamulako gawo la kulemera kwa chilichonse chomizidwa mwa iwo. Izi zimachitika chifukwa madzi amapanikiza chinthu kuchokera mbali zonse, ndipo kupanikizako kumakula mukamapita pansi. Kunsi kwa mwala kuli pakuya kuposa pamwamba pake, choncho mphamvu yokankhira m'mwamba imaposa yokankhira pansi.

Nanga mphamvu imeneyi ndi yaikulu bwanji? Taganizani za ndowa ya madzi odikha. Pakati pa madziwo, yerekezani m'maganizo mwanu gawo la madzi lofanana ndendende ndi mwala wanu, kukula ndi maonekedwe omwe. Gawo limenelo silimira ndipo silikwera, langokhala pamalo pake. Ndiye kuti madzi olizungulira akulichirikiza ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwake. Tsopano chotsani gawolo, muikepo mwala. Madzi ozungulira sadziwa kuti pabwera mlendo. Akankhabe ndi mphamvu yomwe ija. Choncho mwala womizidwa umapepuka ndi kulemera kwa madzi amene wawachotsa pamalo pawo. Lamulo limeneli analilemba ndi Arkimedesi, katswiri wa masamu wa mumzinda wa Sirakusa pachilumba cha Sisile, amene anamwalira m'chaka cha 212 Khristu asanabadwe.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupempha kuti mumvetsere bwino. Tanena kuti galamu imodzi ya madzi imadzaza kyubiki sentimita imodzi. Ngati mwala wapepuka ndi magalamu 100 m'madzi, ndiye kuti wachotsa magalamu 100 a madzi, amene ndi makyubiki sentimita 100, ndipo kumeneko ndiko kukula kwa mwalawo. Sikelo yatiyesera kukula popanda rula. Lamulo lathu tsono ndi ili: tengani kulemera kwa panja, chotsanipo kulemera kwa m'madzi, ndipo chotsalacho mugawe nacho kulemera kwa panja kuja. Yankho lake ndiyo densiti.

Tiyese ndi mwala wa pa mulu wa ku Kanyama. Pafunika sikelo yopachika, ya mtundu umene ogulitsa amakolowekapo katundu, ulusi wopyapyala koma wolimba, ndi ndowa ya madzi oyera. Tsukani mwalawo kuti dothi lichoke, ndipo muuumitse padzuwa. Kolowekani ulusi wokha pa sikelo, muonetsetse kuti muvi uli pa ziro. Mangani mwala ndi kuwerenga. Tinene kuti sikelo yaonetsa magalamu 540. Lembani. Kenaka tsitsani mwala m'ndowa pang'onopang'ono, ukadali pa sikelo, mpaka wonse utamira, koma usakhudze pansi kapena m'mbali mwa ndowa. Dikirani kuti madzi adikhe. Tinene kuti tsopano sikelo yaonetsa magalamu 350.

Tiwerengere pamodzi. Pa 540 tikachotsa 350 patsala 190. Mwala wathu ndi wa makyubiki sentimita 190. Tikagawa 540 ndi 190 tipeza 2.84. Mwalawu ndi wolemera pafupifupi katatu kuposa madzi ofanana nawo kukula.

Kodi nambala imeneyi ikutiuza chiyani? Mbali yaikulu ya mzinda wa Lusaka, makamaka kumadzulo ndi kumwera, inamangidwa pa thanthwe la mwala wa laimu ndi mbale wake wotchedwa dolomaiti. Ndi thanthwe limeneli limene limaonekera pamtunda ku Kanyama ndi ku Chawama. Miyala iwiriyi imafanana kwambiri poiona, yoyera kapena yotuwa, koma m'kati ndi yosiyana. Mwala wa laimu ndi wa kalisiyamu, ndipo densiti yake ndi 2.71. Dolomaiti ali ndi kalisiyamu pamodzi ndi maginiziyamu, ndipo densiti yake ndi pafupifupi 2.85. Kusiyanaku kuli ndi ntchito. Opanga simenti, monga a ku Chilanga kumene kampani ya simenti inakhazikitsidwa mu 1949, amafuna mwala wa maginiziyamu wochepa, chifukwa akachuluka m'simenti amatupa pang'onopang'ono konkire itauma kale, naing'ambitsa. Koma mlimi amene nthaka yake ikusowa maginiziyamu amakondwera ndi laimu wa dolomaiti. Yankho lathu la 2.84 likuloza kwa dolomaiti.

Tisafulumire kukondwera. Tifunse kaye kuti sikelo yathu imaona bwino motani. Sikelo zambiri zopachika zili ndi mizere yotalikirana magalamu 10 kapena kuposa. Tinene kuti poyesa m'madzi tinaphonya ndi mzere umodzi. Tikadawerenga 360 m'malo mwa 350, chotsala chikadakhala 180, ndipo yankho likadakhala 3.0. Tikadawerenga 340, chotsala chikadakhala 200, ndipo yankho likadakhala 2.7. Taonani: mzere umodzi wokha wasandutsa dolomaiti kukhala mwala wa laimu. Mwala wa laimu wa magalamu 540 umapepuka ndi magalamu 199 m'madzi, pamene wa dolomaiti umapepuka ndi 190. Mlandu wonse wagona pa magalamu 9, ndipo sikelo ya mizere ya magalamu 10 singathe kuuweruza.

Phunziro lake ndi ili. Ubwino wa yankho sudalira kwenikweni nambala ziwiri zikuluzikulu zija, koma kachotsala kamene kali pakati pawo. Magalamu 10 pa 540 ndi kanthu kakang'ono, koma magalamu 10 pa 190 ndi gawo limodzi mwa magawo 19. Musanakhulupirire yankho lililonse, onjezani mzere umodzi wa sikelo yanu pa chotsalacho, muwerengenso. Chotsaniponso mzere umodzi, muwerengenso. Mayankho awiriwo ndiwo malire a chimene mukudziwa. Ngati zinthu ziwiri zimene mukufuna kusiyanitsa zonse zikugwa m'kati mwa malirewo, muyeso wanu sunakuuzeni kanthu. Mankhwala ake ndi awiri: kutenga mwala wokulirapo, kapena kupeza sikelo yoona bwino.

Masiku ano m'misika ndi m'makhitchini muli sikelo zamagetsi zoonetsa galamu imodzi imodzi. Sikelo zotere n'zoikapo katundu pamwamba, zilibe ngowe, koma ntchito yathu zimaigwira bwino koposa. Yesani mwala wouma monga mwa masiku onse, mulembe 540. Kenaka ikani jagi ya madzi pa sikelo ndi kudina batani lobwezera nambala pa ziro. Gwirani ulusi m'manja, mutsitse mwala m'madzi mpaka utamira wonse, uli lende, osakhudza jagi. Sikelo idzaonetsa 190. Chifukwa chake n'chakuti madzi akamakankhira mwala m'mwamba, mwalanso umakankhira madzi pansi ndi mphamvu yomweyo, ndipo sikelo imamva kukankhako. Mwapeza chotsala chija mwachindunji, popanda kuchotsera. Mukaphonya ndi galamu imodzi, yankho lidzakhala pakati pa 2.83 ndi 2.86, ndipo 2.71 ali kunja kwa malirewo. Tsopano mungathe kunena molimba mtima kuti mwalawu ndi wa dolomaiti. Mukapeza nambala ya pakati, monga 2.78, musadabwe, pakuti m'thanthwe limodzi mitundu iwiriyi imatha kusakanikirana.

Wina angafunse kuti, nanga sikelo ikakhala yonama, monga zina za pamsika? Yankho lake ndi losangalatsa. Tinene kuti sikelo imaonjezera gawo limodzi pa magawo 10 alionse. Mwala wathu udzaoneka wa magalamu 594 panja ndi 385 m'madzi. Chotsala ndi 209, ndipo 594 kugawa ndi 209 ndi 2.84 yemwe uja. Bodzalo lalowa m'nambala zonse mofanana, ndipo pogawa lathetsana lokha. Chimene sichithetsana ndi sikelo yosayambira pa ziro, kapena kuyesa panja ndi sikelo ina, m'madzi ndi inanso. Gwiritsani ntchito sikelo imodzi pa miyeso yonse iwiri.

Tsopano tione zimene zimasokoneza muyeso, ndi mmene mungazizindikirire. Choyamba ndi timathovu ta mpweya tokangamira pa mwala. Kathovu kalikonse kamachotsa madzi pamalo pake koma kalibe kulemera, choncho mwala umaoneka waukulu kuposa mmene ulili, ndipo densiti imatsika. Yang'anani m'madzimo, ndipo mukaona timathovu tonyezimira m'makwinya a mwala, tichotseni ndi nthenga kapena kaburashi, kapena muugwedeze mwalawo. Chachiwiri ndi mwala wokhudza pansi. Pamenepo chotengera chimanyamulako katundu, chotsala chimakula, ndipo densiti imatsikanso. Chizindikiro chake n'chakuti ulusi umakhwepa ndipo nambala imadumphadumpha mukasuntha dzanja. Chachitatu ndi mwala wosamira wonse. Nsonga ikatsalira pamwamba pa madzi, chotsala chimachepa ndipo densiti imakwera. Mukapeza yankho lokayikitsa, funsani kaye ngati latsika kapena lakwera, ndipo mudzadziwa kumene mungafufuze.

Madzi enieniwo akhale oyera. Madzi amchere kapena amatope ndi olemera kuposa madzi abwino, ndipo amanyamula mwala mopitirira muyeso. Kutentha kwa madzi kusakudetseni nkhawa. Pa madigiri 25, kyubiki sentimita imodzi ya madzi imalemera magalamu 0.997, ndipo kusiyana kumeneku kungatsitse 2.84 kufika pa 2.83 basi. Ulusi ukhale wopyapyala, makamaka poyesa tinthu tating'ono, chifukwa gawo lake lomizidwa limawerengedwa pamodzi ndi chinthucho.

Vuto lalikulu koposa ndi la zinthu zakumwa madzi, monga chidutswa cha njerwa, cha buloko ya simenti, kapena mwala wofumbutuka. Mudzachizindikira mosavuta: mukachimiza, timathovu timatuluka mosalekeza, ndipo nambala ya pa sikelo siikhazikika, imangosuntha pang'onopang'ono. Madzi akulowa m'timabowo ta m'kati, ndipo malo amene madzi alowa sawerengedwanso ngati gawo la chinthucho. Akatswiri oyesa zomangira amachita motere. Amayesa chinthu chouma. Kenaka amachiviika m'madzi maola 24, nachiyesa chili m'madzi. Potsiriza amachitulutsa, napukuta pamwamba pake ndi nsalu, nachiyesanso panja chikadali chokhuta madzi. Tinene kuti chidutswa cha buloko chouma ndi magalamu 400, m'madzi ndi 240, ndipo chokhuta madzi ndi 440. Kukula kwake kwenikweni, pamodzi ndi mabowo ake, ndi 440 kuchotsa 240, ndiye 200. Tikagawa 400 ndi 200 tipeza 2.0. Amene angaiwale muyeso wachitatu adzachotsa 240 pa 400, napeza 160, ndipo yankho lake lidzakhala 2.5. Nambala yachiwiriyi ikunena za mchenga ndi simenti zokha, ngati kuti mulibe mabowo. Yoyambayo ikunena za buloko mmene ilili m'khoma. Kutalikirana kwa ziwirizi kukuonetsa kuchuluka kwa mabowo, ndipo womanga nyumba kumalo kumene madzi amasefukira m'nyengo ya dzinja, monga ku Kanyama, ayenera kusamala ndi buloko yakumwa madzi ambiri.

Tifike tsopano pa kanthu kachikasu kaja. Golide alipodi m'Zambia. Anthu amamukumba ku Rufunsa, ku Mumbwa ndi ku Petauke, ndipo mu 2019 khamu la anthu linathamangira ku Kasenseli m'boma la Mwinilunga. Kumene kuli golide weniweni, wonyenga sachedwa kufika. Tiyerekeze kuti munthu wabweretsa kachibulumwa kolemera magalamu 58.0. Musanakamize m'madzi, werengerani chimene muyenera kuona. Gawani 58 ndi 19.3, mupeza 3.0. Golide weniweni wa magalamu 58 ayenera kupepuka ndi magalamu 3.0 okha, ndiko kuti m'madzi alemere 55.0. Tinene kuti mwayesa ndipo mwapeza 51.2. Chotsala ndi 6.8, ndipo 58 kugawa ndi 6.8 ndi 8.5. Imeneyo ndi nambala ya bulasi, chisakanizo cha mkuwa ndi zinki chimene amapangira mipopi ndi maloko. Ngakhale atachipukuta chotani, kapena kuchikuta ndi golide pamwamba, madzi amaulula za m'kati. Pali mwalanso wina wonyezimira mwachikasu wotchedwa pairaiti, umene wapusitsa anthu ambiri. Densiti yake ndi 5.0 chabe.

Onani kuti pano sikelo ya galamu imodzi imodzi siikwaniranso bwino. Kusiyanitsa 3 ndi 7 ingathe, koma kusiyanitsa golide woyera ndi wosakaniza singathe. Pafunika sikelo yoonetsa magawo khumi a galamu. Mphete ya magalamu 5 ikakhala ya golide woyera imapepuka ndi magalamu 0.26, ikakhala ya bulasi imapepuka ndi 0.59, ndipo apa pafunika sikelo yoonetsa magawo 100 a galamu. Chinthu chikachepa, kapena densiti yake ikakula, chotsala chimachepa, ndipo sikelo iyenera kukhala yakuthwa maso koposa.

Nkhani ya golide ndi madzi ndi yakale. Wolemba wachiroma dzina lake Vitruviyo, amene anakhalako zaka pafupifupi 200 pambuyo pa Arkimedesi, anasimba kuti mfumu Hiyero ya ku Sirakusa inakayikira mmisiri wake kuti anasakaniza siliva m'chisoti chagolide, ndipo Arkimedesi anagwira chinyengocho poyesa madzi osefukira m'chotengera. Mu 1586 Galileo wa ku Italiya, ali mnyamata wa zaka 22, analemba kuti njira ya madzi osefukira ndi yosalongosoka pa ntchito yotere, ndipo anafotokoza sikelo yoyesera chinthu panja ndi m'madzi. Ndi njira yomweyi imene taphunzira lero.

Komabe njirayi ili ndi malire ake, ndipo wosawadziwa angathe kutaya chuma. Densiti imatha kukana motsimikiza, koma kuvomera kwake n'kosakwanira. Mukapeza 8.5, dziwani ndithu kuti si golide. Mukapeza 19.3, mwangodutsa chipata choyamba, chifukwa pali chitsulo china chotchedwa tangisiteni chimene densiti yake ndi pafupifupi yomweyo, ndipo akathyali ena amachikuta ndi golide. Mbali inanso, golide weniweni angathe kupereka nambala yotsika. Wa m'nthaka amakhala wosakanikirana ndi siliva, ndipo kawirikawiri amagwa pakati pa 15 ndi 19. Wa makarati 18, amene magawo atatu mwa anayi ndi golide, amapereka pafupifupi 15.5. Chinthu chokhala ndi mphako yotsekeka m'kati chimaperekanso nambala yotsika, chifukwa madzi amayesa chinthucho pamodzi ndi mphako yake.

Pa miyala ya mtengo wapatali malirewa amaonekera kwambiri. Emarodi wa ku Lufwanyama ali ndi densiti yoposa 2.7 pang'ono, ametisiti wa ku Mapatizya ali ndi 2.65, ndipo galasi la botolo lili ndi pafupifupi 2.5. Ndi sikelo yabwino mungathe kugwira chidutswa cha botolo lobiriwira chimene wina akuchitcha emarodi. Koma pali magalasi ena olemera kuposa a botolo, ndipo ametisiti wopangidwa m'fakitale ali ndi 2.65 ngati wa m'nthaka. Kumbukiraninso kuti aluminiyamu, mwala wa laimu ndi emarodi zonse zili pafupi ndi 2.7, chikhalirecho n'zinthu zitatu zosiyana kotheratu. Nambala imodzi ndi mboni imodzi, ndipo mlandu waukulu suweruzidwa ndi mboni imodzi. Pamene pali ndalama zambiri, pitani kwa akatswiri a miyala amene ali ndi zida zoyesera zina, ndipo kumbukirani kuti malonda a golide ndi miyala ya mtengo wapatali amafuna chilolezo cha boma.

Ntchito yanu ya sabata ino ndi iyi. Musayambe ndi chinthu chosadziwika. Tengani bawuti yaikulu yachitsulo, muiyese panja ndi m'madzi. Ngati ikulemera magalamu 78, iyenera kupepuka ndi magalamu 10, ndipo yankho likhale pafupi ndi 7.8. Bwerezani katatu, mukuipukuta nthawi iliyonse musanaiyese panja. Mayankho atatuwo akagwirizana ndipo akayandikira 7.8, ndiye kuti sikelo, ulusi ndi dzanja lanu zili bwino. Pamenepo tolani miyala itatu ya mitundu yosiyana pafupi ndi kwanu, mupeze densiti ya uliwonse, ndipo pambali pa yankho lililonse mulembe malire ake, la pamwamba ndi la pansi. Aphunzitsi athandize ana kuyerekeza zimene apeza, ndipo pamene awiri asiyana pa mwala umodzi, afufuze ngati ndi thovu, ndi kukhudza pansi, kapena ndi mwala wakumwa madzi.

Nthawi yathu yathera pamenepa.